Simu Ikatayika, Kodi Mulowa Bwanji mu Imelo Yanu?

Mayi wina wa m'dera lathu anakwera minibasi m'mawa wina akupita kumsika, foni ili m'thumba la kutsogolo la chikwama chake. Potsika anapeza zipi ili yasa, foni palibe. Foniyo inali yakale ndipo sanaidandaule kwambiri. Chimene chinamusowetsa tulo chinali imelo. Mwana wake wamkazi anafunsira ntchito kudzera pa imelo ya mayi akeyo, ndipo sabata imeneyo ankadikira kalata yomuitana kukafunsidwa mafunso.

Madzulo ake anabwera kwathu kudzabwereka foni. Pasiwedi yake ankaikumbukira bwinobwino. Ataiyika, panatuluka mawu akuti nambala yolowera yatumizidwa pa meseji ku nambala yake ya foni, ndipo simu ya nambalayo inali itapita ndi wakuba. Tinamulimbitsa mtima kuti mawa lake akangotenga simu ina ya nambala yomweyo. Apa m'pamene anakumbukira kuti simuyo inalembetsedwa pa chiphaso cha mchimwene wake, amene ali ku Joni. Panapita masabata awiri asanalowenso mu imelo, ndipo atalowa anapeza kalata ija ilimo, tsiku la mafunso litadutsa kale.

Pobwerera kunyumba tinadzifufuza tokha, n'kupeza kuti nafenso tinali pa msampha womwewo. Imelo yathu, Facebook yathu, zonse zinkadalira kasimu kamodzi. Zimene tikulemba panozi ndi zimene tinachita sabata yomweyo, ndipo tathandizapo mabanja angapo kuchitanso chimodzimodzi. Ntchito yake imatha pasanathe ola limodzi, koma imatheka pokhapokha foni yanu idakali m'manja mwanu.

Kufooka kwa nambala ya pa meseji

Kulowa mu akaunti ndi zinthu ziwiri, pasiwedi komanso nambala yotumizidwa pa meseji, n'kwabwino kuposa pasiwedi yokha. Ngati panopa ndi zimene muli nazo, musazichotse musanakonze china. Vuto lake n'lakuti nambalayo imatumizidwa ku simu, ndipo simu siidziwa mwini wake. Aliyense amene waigwira ndi amene amalandira mesejiyo.

Simu ingachoke m'manja mwanu m'njira zingapo. Ingabedwe pamodzi ndi foni, wakubayo n'kuichotsa ndi kuiyika m'foni ina, loko wa pa sikirini yanu osamuletsa kanthu. Wachinyengo amene wapeza dzina lanu ndi nambala ya chiphaso chanu angayesenso kunamizira kuti ndi inu, n'kutenga simu yatsopano ya nambala yanu. Chizindikiro chake n'chakuti foni yanu imangotaya netiweki mwadzidzidzi n'kukhala choncho, pamene za anzanu amene mwakhala nawo pamodzi zikugwira. Komanso simu ikakhala nthawi yaitali osagwiritsidwa ntchito, nambala yake imatha kuperekedwa kwa munthu wina. Izi zimagwera kwambiri anthu amene apita kunja kukagwira ntchito, simu ya kwawo n'kuisiya m'kabati.

Palinso vuto lina la tsiku ndi tsiku limene ambiri tikulidziwa: meseji yochedwa. Uli kumudzi, wakwera pachulu kufuna netiweki, nambala n'kufika nthawi yake itatha.

Mmene apu yotulutsa nambala imagwirira ntchito

Pali mapulogalamu ang'onoang'ono a pafoni, amene ambiri timangoti maapu, amene ntchito yawo ndi kutulutsa nambala zolowerazi m'foni mwanu momwemo. Odziwika kwambiri ndi Google Authenticator ndi Microsoft Authenticator, ndipo palinso ena monga Aegis ndi 2FAS. Onsewa ndi aulere ndipo amatsata njira imodzi. Ife tinasankha Google Authenticator chifukwa cha kuphweka kwake, ndipo ndi imene tikufotokoza pano.

Pa tsiku loyamba, akaunti yanu imapatsa apu ija kiyi wachinsinsi, amene ndi mndandanda wa zilembo ndi manambala. Kiyi ameneyu amasungidwa malo awiri, kwa eni akauntiyo ndi m'foni mwanu. Kuchokera pamenepo apu imatenga kiyiyo, n'kumuphatikiza ndi nthawi ya pa wotchi ya foni, n'kutulutsa nambala ya manambala 6. Pakatha masekondi 30 nambalayo imasintha. Eni akaunti nawonso amawerengera masamu omwewo kumbali kwawo, ndipo nambala yanu ikafanana ndi yawo amakutsegulirani.

Mukamvetsa zimenezi, zina zonse zimamveka zokha. Palibe chimene chikutumizidwa kwa inu, choncho apu imatulutsa nambala ngakhale mulibe bando, mulibe netiweki, ngakhale m'fonimo mulibe simu. Wotenga simu yanu sapezapo kanthu. Koma popeza kiyi ali m'foni, foni ikatayika kiyinso wapita nayo. N'chifukwa chake sitilola munthu kuika apu imeneyi n'kunyamuka asanalembe nambala zosungira, zimene tifotokoze kutsogoloku. Ziwirizi zimayendera limodzi ngati loko ndi kiyi wake wapadera.

Tiyambe ndi imelo

Ife tinayambira pa akaunti ya Google, imene ndi ya Gmail, ndipo tikukulangizani kuyambira pomwepo. Mukaiwala pasiwedi ya Facebook kapena ya malo ena, uthenga wokonzera umabwera ku imelo. Wolowa mu imelo yanu angatsegule zitseko zina zonse.

Sankhani madzulo amene simukuthamangira kwina. Foni ikhale ndi moto wokwanira ndi bando pang'ono. Mukhale ndi cholembera ndi mapepala awiri, ndipo mutsimikize kuti pasiwedi ya imeloyo mukuidziwa. Ambiri imelo anawatsegulira ndi mwana kapena wogulitsa mafoni, ndipo pasiwedi sanaionepo. Ngati ndinu mmodzi wa amenewa, yambani mwasintha pasiwedi simu idakali m'manja mwanu.

Choyamba, pitani pa Play Store ngati foni yanu ndi ya Android, kapena pa App Store ngati ndi iPhone, mufufuze Google Authenticator. Musafulumire kudina yoyamba kuoneka, chifukwa pamatuluka maapu ambiri a mayina ofanana, ena ofuna ndalama. Yang'anani pansi pa dzina: pa Play Store, yeniyeni yalembedwa kuti ndi ya Google LLC.

Chachiwiri, tsegulani malo oyendetsera akaunti yanu polemba adiresi iyi:

```
myaccount.google.com
```

Pitani pa mbali ya Security, kenako pa 2-Step Verification. Adzakufunsani pasiwedi. Pa mndandanda wa njira zolowera sankhani Authenticator, kenako Set up authenticator. Malo a mawuwa amasinthasintha pang'ono malinga ndi foni.

Pa sikirini padzaoneka kabokosi ka timadontho takuda kotchedwa QR. M'kabokosi kameneka ndi mmene muli kiyi uja. Ngati mwatsegula akaunti pa kompyuta kapena pa foni ina, tsegulani apu m'foni yanu, dinani chizindikiro cha +, sankhani Scan a QR code, n'kulozetsa kamera pa kabokosiko. Ambiri a ife tili ndi foni imodzi yokha, ndipo foni singadzijambule yokha. Zikatero dinani pamene palembedwa Can't scan it? ndipo kiyi adzaoneka m'zilembo. M'kopereni, pitani mu apu, dinani +, sankhani Enter a setup key, lembani dzina la akauntiyo, ikani kiyiyo, ndipo mtundu wake muusiye pa Time based.

Nthawi yomweyo nambala ya manambala 6 idzayamba kuoneka, pambali pake pali kachizindikiro kosonyeza masekondi amene atsala. Bwererani ku akaunti, dinani Next, lembani nambalayo, n'kudina Verify. Ngati masekondi atsala pang'ono kutha, dikirani nambala yatsopano m'malo molemba mothamanga. Akakulandirani, gawo loyamba latha. Musanyamuke.

Nambala zosungira

Pa tsamba lomwelo la 2-Step Verification pali mawu akuti Backup codes. Dinani pamenepo, kenako Get backup codes. Google idzakupatsani nambala 10, iliyonse ya manambala 8. Iliyonse imalowa m'malo mwa nambala ya mu apu, ndipo imagwira ntchito kamodzi kokha. Sizisintha ndi nthawi. Mungazisunge zaka, zidzagwirabe, bola ngati simunatenge zina zatsopano.

Zilembeni pamanja ndi cholembera cha inki, osati pensulo. Kwathu mmodzi ankawerenga pa sikirini, wina akulemba, kenako tinasinthana: wolemba uja anawerenga za papepala, mnzake akuyang'ana pa sikirini. Tinapeza nambala imodzi imene 1 ankaoneka ngati 7, ndipo tinaikonza pomwepo. Pamwamba pa pepala lembani dzina la imelo ndi tsiku limene mwalemba. Pasiwedi musailembe pa pepala limeneli. Nambala zosungira pazokha sizilowetsa munthu mu akaunti popanda pasiwedi, ndiye mukalemba zonse pamodzi mwapereka chitseko chonse kwa aliyense wotola pepalalo.

Sikirini idzakupatsaninso mwayi wosunga nambalazi m'foni kapena kuzisindikiza. Ife tinakana zonse ziwiri. Kukasindikiza ku shopu kukutanthauza kuzitumiza ku kompyuta ya munthu wina, kumene zingatsalire osadziwa inu. Kuzisunga m'foni, kaya pojambula sikirini, kaya podzitumizira pa WhatsApp, n'kusunga kiyi wapadera m'chipinda chomwecho chimene mwakhoma. Foni ikapita, zapita. Choipa kwambiri n'kudzitumizira pa imelo yomweyo, chifukwa tsiku limene mudzazifune ndi tsiku limene simungathe kulowamo.

Malo osungira pepala

Funso loti mudzifunse ndi ili: chimene chingatenge foni yanga, kodi chingatengenso pepalali? Ngati yankho ndi inde, malowo si abwino. Kuseri kwa kava ya foni, m'chikwama cha m'manja ndi m'kachikwama ka ndalama ndi malo amene amapita pamodzi ndi foni.

M'nyumba iliyonse muli malo amene timasungamo zinthu zimene sitifuna kutaya: masatifiketi a sukulu, kalata ya ukwati, mapepala a malo, timabuku ta kuchipatala ta ana. Pepala lanu likhale pamenepo. Liikeni mu envelopu, envelopuyo m'kajumbo ka pulasitiki kouma, chifukwa chiswe, mbewa ndi chinyezi cha m'dzinja zimadya pepala mosasankha. Chitini chotseka bwino chimathandiza.

Pepala lachiwiri likhale kunja kwa nyumba yanu, kwa munthu amene mumam'khulupirira. Lathu lili kwa achemwali athu, mu envelopu yomata imene tinasainira pa msoko wake. Moto kapena madzi osefukira angatenge foni ndi chitini usiku umodzi. Palinso phindu lina. Foni ikabedwa muli pa ulendo, mungaimbire wachibaleyo pa foni yobwereka, atsegule envelopu, akuwerengereni nambala imodzi. Muuzeni pasadakhale kuti asadzawerengere munthu wina aliyense, ngakhale wotumiza meseji yonena kuti ndi inu, pokhapokha wamva mawu anu.

M'nyumbamo munthu wamkulu mmodzi, mwamuna kapena mkazi wanu, adziwe pamene pali envelopu. Matenda sapanganika, ndipo pa nthawi imene mwagonekedwa m'chipatala banja lingafune kalata imene ili mu imelo yanu.

Yesani lero lomwe

Musadikire tsiku la mavuto kuti mudziwe ngati munalemba bwino. Bwerekani foni ya wina wa m'nyumba mwanu, tsegulani tsamba la Gmail pa intaneti, lowani ndi imelo ndi pasiwedi yanu. Nthawi zambiri Google idzayamba yatumiza funso pa sikirini ya foni yanu loti mutsimikize kuti ndinu. Lisiyeni, dinani Try another way, sankhani njira ya Authenticator, n'kulemba nambala ya mu apu. Mukalowa, tulukani. Lowaninso kachiwiri, koma tsopano sankhani njira ya nambala zosungira, mulembe yoyamba ya pa pepala lanu. Ikagwira, idutseni mzere pa mapepala onse awiri, ndipo kumbukirani kutuluka m'foni yobwerekayo. Mwataya nambala imodzi, mwatsala ndi 9, koma tsopano mukudziwa njira yake ndi manja anu.

Mayeso awiriwa akatheka, m'pamene mungachotse nambala ya foni pa mndandanda wa 2-Step Verification, kuti meseji isakhalenso njira yolowera. Mukaisiya, wotenga simu yanu amene akudziwanso pasiwedi angadinenso Try another way n'kusankha meseji, ndipo apu yanu siimuletsa. Dziwaninso kuti pa mbali ya Security pali malo ena otchedwa Recovery phone ndi Recovery email, othandiza pobwezeretsa akaunti. Onani kuti nambala imene ili pamenepo ndi imene mukugwiritsa ntchito lero ndiponso yolembetsedwa pa chiphaso chanu. Ngati simu yanu ili m'dzina la wachibale, monga zinalili kwa mayi uja, pitani mukakonze zimenezo wachibaleyo adakali pafupi.

Zimene zimavuta pambuyo pake

Vuto limene takumana nalo kwambiri ndi lakuti nambala ya mu apu ikukanidwa ngakhale mwalemba molondola. Pafupifupi nthawi zonse wolakwa ndi wotchi ya foni. Kumbukirani kuti nambala imapangidwa ndi kiyi pamodzi ndi nthawi. Wotchi ikatsogola kapena kutsalira ndi mphindi ziwiri zokha, nambala yanu singafanane ndi yawo. Izi zimachitika foni ikakhala masiku yozima magetsi atavuta, kapena kwa anthu amene amatsogoza dala wotchi kuti asachedwe. Pitani mu Settings, pa Date & time, muyatse njira yoti foni iziika nthawi yokha, kenako yesaninso.

Vuto lachiwiri ndi lakuti apu yasowa. Mwana wafufuta maapu kuti apeze malo a masewera, kapena foni yapita kwa wokonza n'kubwera itafufutidwa zonse. Musanapereke foni kokonzetsa, tulutsani envelopu muone kuti nambala zosungira zilipo. Musanagulitse foni yakale kapena kuipereka kwa mwana, samutsani makiyi: mu Google Authenticator muli njira yosamutsira makiyi, imene imaonetsa kabokosi ka QR pa foni yakale kuti yatsopano ikajambule. Yesani kulowa ndi foni yatsopanoyo, kenako m'pamene mufufute yakale.

Kuyambira mu 2023, Google Authenticator imatha kusunga makiyi anu mu akaunti yanu ya Google, kuti mukagula foni ina abwerere okha. Izi zimathandiza pa makiyi a Facebook ndi malo ena. Koma taganizirani bwino: kuti makiyiwo abwerere, muyenera kuyamba mwalowa mu akaunti ya Google, ndipo nambala yolowera mu akauntiyo ili mu apu imene yapita ndi foni. Chimene chimadula mkombero umenewu ndi pepala lija.

Tsiku limene foni yapitadi

Tiyerekeze kuti zimene zinagwera mayi uja zagwera inu, koma envelopu ilipo. Mukafika kunyumba, bwerekani foni, lowani ndi pasiwedi, dinani Try another way, lembani nambala imodzi yosungira. Mukalowa, pa mbali ya Security pezani Your devices, sankhani foni yobedwayo, muitulutse mu akaunti podina Sign out. Sinthani pasiwedi. Pa 2-Step Verification chotsani Authenticator yakale, kuti kiyi amene ali m'foni yobedwa asagwirenso ntchito, ndipo mukapeza foni ina ikani watsopano potsata njira ija. Muuzenso kampani ya foni kuti itseke simu.

Nambala zosungira zikatsala zitatu, kapena mukakayikira kuti wina anaona pepala, tengani zina 10 zatsopano pa tsamba lomwelo. Mukangotero zakale zonse zimafa nthawi yomweyo, choncho envelopu imene ili kwa wachibale iyeneranso kusinthidwa, apo ayi mudzadalira pepala lakufa.

Pamene apu singakutetezeni

Apu imatseka njira ya simu, koma siitseka pakamwa panu. Wina akakuimbirani kunena kuti ndi wa kubanki kapena wa kampani ya foni, n'kupempha nambala imene ikuoneka mu apu, mukamuwerengera masekondi 30 amamukwanira kulowa. Chimodzimodzi mukailemba pa tsamba labodza limene mwafikapo podina ulalo wa pa meseji. Nambalayi imalembedwa pokhapokha inuyo mwayamba nokha kulowa mu akaunti yanu. Ikaninso loko pa sikirini ya foni, chifukwa popanda loko wotola foni amangotsegula apu n'kuona zonse.

Si malo onse amene amalola apu yotere. Facebook imalola: pitani mu Accounts Center, pa Password and security, kenako Two-factor authentication, ndipo nayonso ili ndi nambala zake zosungira zimene muyenera kulemba padera. WhatsApp ili ndi njira yakeyake, ya nambala yachinsinsi ya manambala 6 imene mumasankha nokha pa Two-step verification. Airtel Money ndi Mpamba zimadalira simu ndi nambala yanu yachinsinsi, choncho kusamala simu kukadali kofunika.

Mayi uja anabweranso kwathu atapeza foni ina, ndipo tinakhala naye pa mkeka mpaka zonse zitatheka. Polemba nambala ya chisanu ndi chimodzi anaima, n'kunena kuti, "Pepala limeneli likanakhalapo tsiku lija, mwana wanga akanapita kumafunso aja." Envelopu yake ili m'chitini chimene muli masatifiketi a mwanayo, ndipo inzake ili kwa amalume ake kumudzi.